Chidindo ndicho chimauza tsiku lokwezera kalata

Anyamata a makompyuta amene adzaza m'Limbe ndi mu Haile Selassie akuiwononga ntchito yathu yolembera anthu makalata. Munthu akangodandaula kuti ku ofesi sakumuyankha, iwo nthawi yomweyo amamulembera kalata yaukali yopita kwa bwana wamkulu, makope mpaka kwa nduna, n'kumulipiritsa ndalama ya pepala lokha. Kalata yotere imakafika mmwamba, mlembi wa bwana n'kuona kuti masiku sanakwane, n'kuibwezera pa tebulo la ofesala yemwe uja, amene tsopano wapsa mtima.

Ine ntchitoyi ndinaphunzira kwa mdala wina amene ankakhala ndi tayipi pafupi ndi positi ofesi ya ku Limbe. Riboni ankaitembenuza mpaka kuyera, koma kabuku kake kolembamo masiku sankakabwereketsa ngakhale kwa mwana wake. Kasitomala akabwera ndi mkwiyo, mdalayo ankamusiya alankhule mpaka atope, kenako n'kutambasula dzanja: “Chidindo chili kuti?” Kalata iliyonse ankailemba pawiri ndi kaboni, ina yosiya ku ofesi, ina yobwera nayo itadindidwa tsiku lolandirira. Wobwera wopanda chidindo ankamubweza, ngakhale atamulonjeza ndalama zingati. Nthawi imeneyo kunalibe lamulo lowerengera ofesi masiku, koma mdala anali atadziwa kale kuti tsiku limene walemba pamwamba pa kalata ndi lako wekha, ofesi imangodziwa la chidindo.

Lero lamulo lilipo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe pempho. Ngati uthengawo ukukhudza moyo kapena ufulu wa munthu, nthawi yake ndi maola 48 okha. Pamene anthu amasokera ndi pa kawerengedwe.

Mayi ena a ku Bangwe anapempha ofesi ina kuti iwaonetse mmene ndalama za mjigo wa m'dera lawo zinayendera. Chidindo chinali cha Lachinayi, 25 Epulo 2024. Pa 10 Meyi anafika kwa ine akuti masiku 15 atha, ndilembe kwa bwana. Ndinati, “Mayi, khalani pansi tiwerengere limodzi.” Tinayamba pa 26 Epulo, tikudumpha Loweruka ndi Lamlungu. Tinadumphanso 1 Meyi, tsiku la apantchito, ndi 14 Meyi, tsiku la Kamuzu. Pa 10 Meyi paja anali atangokwana masiku 10, ndipo la 15 linagwa Lolemba, 20 Meyi. Mayiwo anang'ung'udza kuti alipira minibasi pachabe ndipo sanafune kundipatsa kanthu, poti sindinalembe kalikonse. Makasitomala ambiri ndi otero, amalipira pepala, kuwerenga amakuyesa kwaulere.

Tsiku likakwana sindithamangabe. Choyamba ndimatuma mwini kalata kukafunsa kumene amalandirira makalata, chifukwa yankho likhoza kukhala kuti linatuluka n'kukagona mu bokosi la positi la mpingo kapena la sukulu limene anabwereka. Ndimafunsanso ngati ofesi inaimba foni kapena kulemba kupempha kuti afotokoze bwino chimene akufuna. Ngati inatero iye n'kukhala chete, bwana adzangomuonetsa kalata imeneyo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mawu apakamwa akuti “mubwere sabata yamawa” sindiwawerengera ngati yankho, angachuluke bwanji.

Zonsezi zikapanda kuoneka, lamulo limatenga kukhala chete kwa ofesi ngati kukana, ndipo kukana kumatsegula khomo lodandaulira kwa mkulu wa ofesi yomweyo. Apa sindichedwanso, chifukwa nthawi yodandaula nayonso ili ndi malire ake, ndipo ofesala akasamutsidwa failo imasowa mwini. Kalata ya mayi a ku Bangwe ndinailemba pa 22 Meyi, nditasiya tsiku limodzi loti akafunse. Inali ya tsamba limodzi: tsiku la chidindo, chimene anapempha, tsiku limene nthawi inathera, ndi pempho loti mkuluyo aunikenso nkhaniyo. Kumbuyo tinamata kope la kalata yoyamba, chidindo chikuoneka bwino. Dzina la ofesala sindinalinyoze, ndipo mawu oti katangale, amene mayiwo ankawafuna kwambiri, ndinawakaniza chifukwa analibe umboni.

Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira lamuloli, koma kumeneko munthu amapita mkulu wa ofesi akakana kapena akakhalanso chete. Ndiye kalata yachiwiriyi nayonso mayiwo anapita nayo pawiri, n'kubwera ndi kope lodindidwa, ndipo tsiku lake ndinalilemba m'kabuku.