Kalata yomwe ndinawalembera abwana aja

Anzanga ena mwakhala mukundifunsa kuti nkhani ya intaviyu ija inatha bwanji. Lero ndikuuzeni.

Bungwe lina linkafuna munthu wophunzitsa magulu a banki m'khonde kasungidwe ka mabuku a ndalama. Ine, nditadya choko zaka 14 ndikuphunzitsa masamu, ndinati ndiyeseko. Zonse zinayenda bwino mpaka abwana atavula magalasi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mapepala anu ndi abwino, koma simunagwirepo ntchito ndi anthu akuluakulu akumudzi. Amayi athu si ana a Folomu 2 oti mungawaopseze ndi chibalo."

Ndinangoti, "Zoonadi bwana." Mu minibasi pobwerera ndi m'mene ndinakumbukira kuti zaka 6 ndakhala ndikuphunzitsa sukulu yamadzulo. Manyazi ake!

Kalata yoyamba yomwe ndinalemba usiku umenewo inali yodzitama: wolimbikira, wokhulupirika, wodziwa kulankhula ndi anthu. Mayi a kunyumba atawerenga anandifunsa kuti, "Kodi alipo amene amalemba kuti ndi waulesi?" Ndinaing'amba.

Yachiwiri ndinayamba ndi nkhawa yawo yomwe ija, m'mawu awo omwe. Kenako ndinawauza za kalasi yanga yamadzulo, momwe muli amayi ogulitsa tomato, alonda ndi bambo wina wamkulu kuposa ine. Anthu amenewa amalipira okha fizi, ndiye ukawatayitsa nthawi mawa lake sabwera, ndipo chibalo sungachitchule n'komwe. Ndinafotokoza momwe ndinawaphunzitsira maperesenti atakanika pa bolodi. Ndinawafunsa kuti munthu akakongola K20,000 pa chiwongola dzanja cha 20 peresenti pamwezi, abweza zingati mwezi ukatha. Mayi wa tomato anayankha K24,000 ndisanamalize kulemba. Kuchokera apo tinayenda chobwerera mpaka tinafika pa zomwe buku limanena. Imeneyi si ndiyo ntchito yomwe ankaifunayo?

Ndinatchulanso mwachidule kuti ndasungapo ndalama za masewero pasukulu, ndi malisiti ake, n'kumaziwerenga pamaso pa makolo pa msonkhano.

Ndime yomwe inandivuta ndi yovomera zomwe sindidziwa. Njinga yamoto sinditha kuyendetsa, ndipo sindinakhalepo pa tsiku logawana ndalama za gulu, pomwe ndimamva kuti mikangano imabuka. Ndinalemba choncho, n'kupempha kuti andipatse gulu limodzi kwa ola limodzi, iwo akhale kumbuyo andione. Kalata yonse inakwana tsamba limodzi, ndipo ndinakaipereka pasanathe masiku awiri, asanaiwale nkhope yanga.

Patatha sabata anandiimbira foni. Ntchito anapatsa wina amene ali ndi laisensi ya njinga, koma akufuna ndikaphunzitse alembi a magulu awo pa holide ikubwerayi, masiku atatu, ndipo andilipira. Choncho Lolemba ndili m'kalasi monga mwa nthawi zonse. A Folomu 4 amene munayamba kale kusangalala, homuweki ija ndikuifuna.