Mafunso asanu, yankho limodzi, ndipo silinali lomwe ndinkalifuna

Abale anga akumudzi ndi inu a m'tauni, lero ndikufuna ndiulule kupusa kwanga kwa chaka chatha. Mvula ili pafupi, ndalama za kumunda ziyamba kuyenda pa foni, ndiye mwina wina apulumukirapo.

Achimwene anga aakulu amagwira ntchito yaulonda ku Blantyre. Amalowa dzuwa likulowa, amaweruka kutacha. Mu Novembala chaka chatha, Lolemba m'mawa, foni yanga inalira: ndalama yalowa. Kenako uthenga pa WhatsApp, mawu ochepa monga mwa chizolowezi chawo: "Ndatumiza. Uwagulire amayi feteleza ndi zina za kumunda."

Ndalamayo inali yokwana matumba awiri a makilogalamu 50, n'kutsala yochepa chabe. Munda wa amayi ndi ekala imodzi, ndipo ekala imafuna matumba awiri omwewo, limodzi wokulitsa, lina wobereketsa. Ndiye mawu akuti "ndi zina" anandizunguza mutu. Zina ziti? Ndi ndalama iti?

Ine ndinakula ndikumva kuti safunsa anadya phula. Ndalama ya mwini, makamaka ya m'bale, sindifuna kuigwiritsa ntchito mongoganizira, mawa n'kumamva kuti ndinadya. Choncho ndinakhala pakhonde, n'kulemba bwinobwino, manambala ndi manambala ngati mayeso a Sitandade 8. Choyamba, ndigule wokulitsa, wobereketsa, kapena onse? Chachiwiri, tithire munda wa kumtunda kapena kadimba ka kudambo? Chachitatu, "zina" ndi mbewu kapena ganyu? Chachinayi, ndigule pa msika wathu pano kapena ndipite kuboma? Chachisanu, ya kabaza ndichotse pomwepa? Nditatumiza ndinadziona ngati munthu wadongosolo kwambiri.

Timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu tsiku lomwelo. Awerenga. Yankho ayi. Lachiwiri zii. Lachitatu zii. Lachinayi usiku kunabwera mawu atatu: "Eya chotsa pomwepo." Anayankha la kabaza lokha, funso lomaliza, lopepuka kuposa onse. Ine ndinatsala ndi chilolezo cholipira njinga, koma osadziwa kuti njingayo inyamula chiyani.

Loweruka mvula yobzalira inagwa, yeniyeni, yonyowetsa mpaka pansi. Lamulungu lomwelo anthu atangotuluka m'tchalitchi anathamangira kumunda. Amayi anabwera kwathu, osalowa m'nyumba, n'kungoima pabwalo. "Iwe, akulu ako akuti anatumiza ndalama sabata yatha. Ili kuti?" Sananene kuti ndadya, koma maso awo ananena. Ndalama ili phee mu foni, tambala osachotsapo, koma m'mudzi ndayamba kale kununkha ngati wakuba.

Usiku umenewo ndinkadandaula kwa mayi a kunyumba kuti anthu a m'tauni ndi onyada, amawerenga osayankha. Iwo anatenga foni, n'kuwerenga uthenga wanga uja mpaka pansi, n'kuseka. "Abambo, munthu wachezera usiku wonse ataimirira pageti, inu mukumupatsa fomu yoti adzaze? Pa mafunso asanuwa, ndi liti limene simungaliyankhe nokha?"

Tinawadutsa limodzilimodzi, nyali ili pakati.

La mtundu wa feteleza: ndani amadziwa bwino, ine amene ndimalima chaka ndi chaka, kapena achimwene amene anasiya khasu kalekale? Wokulitsa, uja wa NPK, amalowa pobzala kapena chimanga chitangomera. Wobereketsa amadikira masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera. Izi ndimazidziwa ngati dzina langa. Ndinkafunsa osati chifukwa chosadziwa, koma kuti zikadzalakwika ndidzanene kuti munanena ndinu.

La munda uti: mwini munda ndi amayi, ndipo nyumba yawo ndimaiona nditaima pakhomo panga. Ndinatumiza funso ku Blantyre pomwe yankho linali kuseri kwa nkhokwe.

La kogula: mitengo ya pa msika wathu ndi ya kuboma ndimaidziwa ndine. Iwo akanayankha chiyani, ali kutali?

La kabaza: kandalama kochepa, koti ndikanangochotsa n'kuwauza pambuyo pake. Palibe m'bale amene angakwiye kuti thumba silinayende lokha kuchoka ku sitolo.

Linatsala la "zina" lija. Apa mpamene mayi a kunyumba anandidabwitsa. Anati ngakhale limeneli silinali funso lenileni. Achimwene akanati "mbewu", ndikanafunsanso kuti nanga wobereketsa tigula ndi chiyani. Akanati "ganyu", chimodzimodzi. Chinthu chimodzi chokha chimene iwo okha ankachidziwa, chimene ine kapena amayi sitikanachipeza kwina kulikonse, chinali ichi: kodi kubweranso ndalama ina chimanga chisanafune wobereketsa, kapena ndi yomweyi?

Taonani mmene yankho limodzili limasinthira zogula zonse. Ngati ina ikubwera, ndigula thumba lathunthu la wokulitsa, mbewu ya makilogalamu 10 yokwana ekala yonse, yotsala ilipire aganyu, wobereketsa adikire ndalama yachiwiri. Ngati ndi yomweyi, kuchita zimenezo n'kudzipha, chifukwa chimanga chidzafika m'mawondo n'kuyamba chikasu ine ndilibe chothira. Pamenepo nzeru n'kuchepetsa munda: chimanga theka la ekala, wokulitsa makilogalamu 25, wobereketsa makilogalamu 25, mbewu makilogalamu 5, yotsala ya kupalira ndi kabaza. Njira ziwirizi zimasiyana kuyambira tsiku loyamba logula, ndipo thumba ukalitsegula n'kuthira silibwereranso ku sitolo. Funso limene linali ndi mphamvu yotere silinali m'gulu la asanu aja n'komwe.

Lolemba masana, nthawi imene ndimadziwa kuti adzuka ndipo sananyamuke, ndinalemba chonchi: "Achimwene, ndalama ija inafika yonse, zikomo kwambiri. Ndili ndi funso limodzi lokha. Mutumizanso ina Khirisimasi isanafike, kapena ndi yomweyi? Mungondiyankha kuti 'ina' kapena 'yomweyi', zotsalazo ndithana nazo ndi amayi. Mvula yagwa, ndikufuna ndigule mawa m'mawa."

Nsima isanapse, foni inalira. "Yomweyi. Zinthu sizili bwino kuno."

Lachiwiri ndinagwirizana ndi mnzanga woyandikana naye munda, amenenso ndalama inamuperewera. Tinagula thumba limodzi la wokulitsa ndi limodzi la wobereketsa, n'kugawana pakati pa sikelo. Lachitatu tinabzala theka la ekala, kwinako amayi anabzala mtedza wa mbewu yawo yosunga. Tinachedwa masiku anayi kuyerekeza ndi mvula, masiku asanu ndi anayi kuyerekeza ndi tsiku lomwe ndalama inalowa. Mwayi chinyezi chinalipobe. Kukanabwera ng'amba sabata imeneyo, bwenzi ndikulemba nkhani ina, yolira.

Achimwene atabwera kumudzi pa Isitala tinacheza za nkhaniyi tikukazinga chimanga. Anati uthenga wanga woyamba uja anauwerengera mu minibasi m'mawa, maso akulemera. "Nditaona manambala mpaka 5 ndinati ndiyankha ndikadzuka. Podzuka nthawi yatha, ndikuthamangira kuntchito. Tsiku lililonse ndikauona mtima unkangoti fwaa, ndiutseke kaye." La kabaza analiyankha chifukwa linali lokhalo losafuna kuganiza. Kenako ananena chimene chinandikhudza: "Komanso iwe, mafunso ako aja ankamveka ngati ukundiuza kuti ndalama yachepa. Ine ndinkadziwa kuti yachepa. Ndinalibe poyambira kunena." Funso limodzi lija linawatsegulira khomo loti anene zoona ndi mawu amodzi, popanda kudzichititsa manyazi ndi kufotokoza kwambiri.

Kuchokera pamenepo, ndisanatumize funso kwa munthu wotopa ndimayamba ndasefa. Chimene ndingachidziwe ndekha kapena kufunsa wapafupi, ndimachichotsa. Chaching'ono chimene chingakonzeke ngakhale nditalakwitsa, ndimangochita n'kudziwitsa. Chotsala ndi chija chimene mwini yekha akuchidziwa, ndipo ndikachiphonya sichibwezeka. Chimenecho ndiye ndimafunsa, ndi tsiku limene ndikufuna yankho.

Koma musamale, funso limodzi nalonso lili ndi misampha yake, ndagwamo kale. Ukafunsa kuti "ichi kapena icho?", munthu wotopa amatha kungoyankha kuti "eya", iwe n'kutsala kukamwa yasa. N'chifukwa chake ndimawapatsa mawu awiri oti asankhepo, monga "ina" ndi "yomweyi". Msampha wina ndi kubisa mafunso atatu m'chiganizo chimodzi chachitali, kapena kujambula mawu mphindi zinayi uku ukuyenda m'munda, mphepo ili kuwomba. Ameneyo ndi mndandanda womwe uja, wangovala malaya ena. Ndipo kufupikitsa sikutanthauza kuchotsa ulemu. Moni ndi zikomo zikhalepo, chifukwa wamkulu ukamulembera ngati wapolisi sakuyankha ngakhale funso litakhala limodzi.

Ziliponso nkhani zosayenera uthenga n'komwe. Za matenda aakulu, za maliro, za malire a munda, gulani mayunitsi muimbe, kapena dikirani mukumane. Ndipo ngati mafunso ofunikadi ali awiri, funsani loyamba, liyankhidwe, kenako lachiwiri. Nthawi zambiri mupeza kuti yankho loyamba lapha lachiwiri.

Inu a m'tauni, nanunso tithandizeni. Mukamatumiza ndalama ya kumunda, onjezerani mawu awiri okha: "ina ikubwera" kapena "ndi yomweyi". Sititukwana ayi, tingodziwa kukula kwa munda woti tilime.

Theka la ekala lija linatulutsa chimanga chooneka bwino, ndipo mtedza amayi anagulitsako n'kugula sopo ndi mchere. Dzulo achimwene atumizanso ya chaka chino. Uthenga wake wangoti, "Ndatumiza. Ina kumapeto kwa mwezi." Sindinafunse kanthu. Ndangoyankha kuti zikomo, ndipo mawa m'mamawa ndikupita kukatenga wokulitsa thumba lathunthu.