Kuthokoza Eni Nyumba, Abwana ndi Bwenzi la Pamtima

Ana athu amaphunzira kunena kuti zikomo asanadziwe n'komwe kuwerenga, koma kuyeza kulemera kwa mawuwa ndi ntchito imene munthu amaiphunzira mpaka imvi. M'Chichewa ulemu umabisala m'timawu tating'ono. Pakati pa "ndakuthokoza" ndi "ndakuthokozani" pali zilembo ziwiri zokha, koma zilembozo zimauza womva ngati tikumuona ngati mnzathu kapena ngati wamkulu. Chimodzimodzi "ndathokoza" ndi "tathokoza": woyambayo akudzilankhulira yekha, wachiwiriyo wanyamula banja lonse pakamwa pake.

Ngakhale dua imene timaikonda pothokoza ili ndi masinthidwe otere. Kwa mwamuna mmodzi timati "jazakallahu khaira", kwa mkazi mmodzi "jazakillahu khaira", ndipo kwa anthu ambiri "jazakumullahu khaira". M'Chiarabu kulankhula kwa munthu mmodzi ngati mmodzi si mwano, koma khutu lathu linazolowera kuti wamkulu ndi "inu". N'chifukwa chake ndimalangiza ana a ku madrasa kuti kwa akuluakulu azigwiritsa ntchito mawu a anthu ambiriwo, pakuti ndiwo amagwirizana ndi Chichewa chimene chitsatire.

Funso limene limanditsogolera posankha kalankhulidwe ndi ili: ndikatha kuthokoza, pakati pa ine ndi munthuyu patsala chiyani? Kwa eni nyumba pamatsala pangano la ndalama, kwa abwana pamatsala ntchito, ndipo kwa bwenzi pamatsala ubwenzi wokhawokha. Kuthokoza kwabwino kumasiya chotsalacho chili chowongoka.

Chaka china mwana wathu anagonekedwa m'chipatala mwezi uli kumapeto, ndipo m'sabata imodzi ndinathandizidwa ndi anthu atatu. Eni nyumba anavomera kudikira lendi mpaka pa 15. Mkulu woyang'anira madrasa anandipatsa masiku atatu, nandipezera wogwirizira ana. Mnzanga amene ndinakula naye anatinyamula pa njinga yamoto usiku, ndipo m'mawa mwake mkazi wake anabweretsa phala. Vuto linali limodzi, koma mayamiko anafunika atatu.

Kwa eni nyumba ndinapita ndekha madzulo, ndinaodira, ndinakhala pansi, ndipo titapatsana moni ndinati: "Bambo, tabwera kudzathokoza chifukwa chotidikira pa lendi ya mwezi uno. Monga tinagwirizana, ndalama yonse tidzabweretsa pa 15, Insha Allah." M'mawu amenewa muli zinthu zitatu: ulemu wa "bambo", kutchula chimene achita, ndi kubwereza tsiku. Tsikulo ndilo mtima wa kuthokozako. Mwini nyumba amene wadikira amakhala ndi kankhawa kakuti mwina chifundo chake chamveka ngati kukhululuka ngongole. Mukathokoza mwa chisawawa kuti "mwatithandiza kwambiri, ndinu kholo lathu" osatchula tsiku, nkhawayo imakula, chifukwa kholo sililipiritsa mwana lendi.

Pali mawu ena okoma amene pakhomo la eni nyumba ayenera kutsala kunja. Timakonda kunena kuti "ndi mawa lomwe" kapena "musatope nafe", ndipo kwa munthu amene watipatsa ndiwo kapena wabwera kudzazonda matenda, mawuwa ndi ulemu weniweni. Koma kwa amene wadikira ndalama yake, amamveka ngati chenjezo lakuti mwezi wamawa tidzachedwanso. Chizindikiro chakuti kuthokoza kwapita padera n'chosavuta kuchiona: mwini nyumba, m'malo moyankha kuti "palibe kanthu", amayamba yekha kukumbutsa za tsiku.

Kwa abwana ngozi yake ndi ina. Kumeneko anthu ambiri sachepetsa ulemu, amachita kuusefukiritsa. Munthu wapatsidwa masiku atatu, koma amathokoza ngati wapatsidwa moyo: "Popanda inu ine ndikanakhala yani?" Mawu otere amamulemetsa mkuluyo, amasandutsa chinthu choyenera kukhala mphatso yapadera, ndipo anzathu a pantchito akamva amati tikudzigula. Ine ndinalemba uthenga waufupi pa foni tsiku lobwerera: "Assalamu alaikum. Ndathokoza chifukwa cha masiku atatu munandipatsa komanso pondipezera wogwirizira kalasi. Mwana akupeza bwino, ndipo ndayambiranso ntchito lero. Jazakumullahu khaira." Apa ndinati "ndathokoza" osati "tathokoza", pakuti ntchito ndi yanga, si ya banja. Ndinatchulanso za kubwerera kwanga, chifukwa chimene mkulu wa ntchito amafuna kumva pambuyo pothandiza n'chakuti zinthu zabwerera m'malo mwake.

Ena amafunsa ngati ulemu wonsewu ukufunika pamene abwanawo ndi ocheperapo msinkhu, kapena ndi munthu wanthabwala amene timadya naye m'mbale imodzi. Yankho langa n'lakuti pa nkhani ya ntchito timathokoza udindo. Mnyamata amene ndinamuphunzitsa alifu ndi baa akhoza kudzakhala mkulu wanga, ndipo tsiku limene wandivomereza tchuthi ndidzamuuza kuti "ndathokoza, mwandithandiza". Iye akafuna kufewetsa kalankhulidwe, ayambe ndiye. Kutsika kuchoka pa "inu" kupita pa "iwe" ndi khomo limene amatsegula ndi wolemekezedwayo, wothokoza sadzitsegulira.

Kwa mnzanga uja zinthu zinatembenuka. Ndikanamulembera kuti "ndikufuna kupereka kuthokoza kwanga kochokera pansi pa mtima chifukwa cha thandizo lanu", akanandifunsa kuti ndakulakwira chiyani. Pakati pa anthu okondana, ulemu wobwera mwadzidzidzi umamveka ngati mpanda. Umanena kuti ndawerengera zimene wachita ndipo ndikufuna tithane. Ndinangomugwira dzanja titatuluka mu Juma n'kunena kuti: "Iwe, usiku uja unandigwira mkono. Allah akulipire." Iye anaseka, nati njinga yake ikudandaulabe ndi kulemera kwanga, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Komabe kumasuka kuli ndi malire ake awiri. Oyamba ndi akuti si mabwenzi onse amene amaitanana "iwe". Alipo amuna amene akhala limodzi zaka makumi atatu akuitanana "achimwene" ndi "inu", kapena kuika "Che" patsogolo pa dzina monga mwa Chiyao, ndipo chikondi chawo n'chozama. Muyeso wake ndi kalankhulidwe ka masiku onse: pothokoza bwenzi musakwere pamwamba pake, musatsikenso pansi pake. Malire achiwiri ndi anthu amene alipo. Pamaso pa ana ake kapena apongozi ake, mnzanga yemweyo amakhala "inu". Ndipo mkazi wake, amene anaphika phala lija, sindinamuphatikize mu "iwe" wa mwamuna wake. Mayi a kunyumba kwathu anapita okha kukabweza chiwiya chili ndi kanthu mkati, nati: "Mayi, tathokoza, ndi mawa lomwe." Mawu amene sakanayenera kwa eni nyumba, apa anali pamalo pake.

Povuta kwenikweni ndi pamene munthu mmodzi wavala zipewa ziwiri, monga bwenzi limene lilinso mwini nyumba imene tikukhala. Pamenepo ndimayang'ana chimene wachita. Ngati wabwera kudzaona wodwala, ndimamuthokoza ngati mnzanga. Ngati wadikira lendi, ndimatchula ndalama ndi tsiku momveka bwino, ngakhale tikuseka. Maubwenzi ambiri amene ndawaona akutha chifukwa cha nyumba anayamba kung'aluka pa tsiku limene wina anati "zikomo aise" pa nkhani ya ngongole, mnzakeyo n'kuchita manyazi kufunsa kuti ndalamayo ibwera liti.