Chizungulire cha Mayi Woyembekezera ku Yeoville

Mayi wina wochokera ku Mangochi, amene amagulitsa masamba ku Yeoville mumzinda wa Johannesburg, anayamba kufooka ndi kumva chizungulire pathupi pali miyezi isanu. Iye ankangoti ndi kutopa ndi ntchito. Kuchipatala, namwino anaona kuti m'zikope mwayera. Atamuyeza anapeza kuti magazi achepa, pakuti mwana wosabadwayo amatenga ayironi kwa mayi wake.

Anamupatsa mapiritsi a ayironi oti azimwa tsiku lililonse. Chimbudzi chitayamba kuda, mayiyo anachita mantha, koma namwino anati umo ndi mmene mankhwalawo amachitira. Anamulangizanso kumwera madzi, osati tiyi, popeza tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi.

Pa ndiwo anawonjezera nyama, usipa, nyemba ndi bonongwe, n'kumadya lalanje pambuyo pake. Patatha mwezi chizungulire chinaleka, koma mapiritsi sanasiye, chifukwa nkhokwe ya ayironi m'thupi imachedwa kudzaza.