Ulendo wa ku Mafamu a Mashonaland: Mwezi Uti?

M'makomboni a mafamu a ku Mvurwi, Bindura, Shamva ndi Trelawney m'dziko la Zimbabwe, mlendo wochokera ku Dedza akapereka moni m'Chichewa amayankhidwa m'Chichewa. Amene amamuyankhawo ndi ana ndi zidzukulu za amuna amene anapita kukagwira ntchito kumeneko m'nthawi ya atsamunda, ena pa Mthandizi, ena wapansi, ndipo sanabwererenso. Kuyambira m'chaka cha 2000, pomwe boma linayamba kugawa minda ya azungu, ambiri anabalalika, koma ena akadali m'nyumba zomwezo, kugwira maganyu kwa eni minda atsopano. Achibale awo a ku Malawi amapitabe kukawaona, kukaona manda, kapena kukamanga ziliza. Ulendo wotere umadya ndalama za zokolola za chaka chathunthu, ndipo kulakwitsa mwezi kukhoza kuuwononga wonse.

Anthu ambiri amayamba kuganiza za Khirisimasi, poti ndi pamene ana atsekera sukulu. Koma ku Mashonaland imeneyi ndi nyengo yovuta kwa mlendo. Mvula imayamba mu Novembala n'kukalekeza cha mu Malichi, ndipo imalimba kwambiri kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Msewu waukulu wodzera pa Zobue, Tete ndi Nyamapanda mpaka ku Harare ndi wa phula, choncho basi imafika ndithu. Vuto lili pa mtunda wotsiriza, kuchoka pa phula kulowa ku famu. Misewu ya dothi lofiira ya kudera la Mazowe imaterera, timilatho tating'ono timamira, ndipo galimoto zonyamula anthu zimangokhotera pa siteji. Pa chipata cha Nyamapanda napo pamakhala mizere italiitali ya anthu othamangira tchuthi, chomwe kumeneko chimayamba ndi tsiku la Umodzi pa 22 Disembala. Dzinja ndi nthawinso ya malungo ndi matenda a m'madzi. Mliri wa kolera wa 2008 ndi 2009, womwe unapha anthu oposa 4,000 m'dzikolo, unafala kwambiri mvula itayamba.

Komabe chachikulu pa zonsezi si matope ayi. Ndi fodya. Fodya wa kumeneko si wa bale woumitsa m'zigafa monga wa ku Kasungu kapena Dowa, koma wowotcha m'mabani. Wa mthirira amamuwokera kuyambira pa 1 Sepitembala, wodalira mvula chakumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala, kotero kuti pofika Disembala kuthyola kwayamba ndipo kumapitirira mpaka Malichi. Bani imodzi imatenga pafupifupi sabata kuti fodya apse, ndipo moto wake sauchokera usana ndi usiku, chifukwa kutentha kukakwera msanga tsamba limauma lobiriwira, kukatsika limada. Munthu wa ganyu amadzuka kusanache kukathyola, masana akumanga, usiku ali pa moto. Mlendo wofika nthawi imeneyi amakhala yekha pakhonde tsiku lonse. Eni khomo amachita manyazi, pakuti chimanga chatha m'nyumba ndipo ndalama ya fodya sinabwere.

Ndalamayo imayamba kuoneka okushoni ikatsegulidwa ku Harare, kawirikawiri mu Malichi. Epulo ndi Meyi kumakhala kokongola, mvula itakata, udzu ukadali wobiriwira. Koma manja amakhalabe otanganidwa ndi kusankha fodya, kudinda mabelo ndi kuzula ziputu, zomwe lamulo limafuna kuti zikhale zitachotsedwa pofika pa 15 Meyi. Ndipo mlimi wa ku Malawi naye m'miyezi imeneyi ali ndi chimanga chake m'munda.

Nkhani ya mayi wina wa ku Dedza ikhoza kuunikira bwino kusankhaku. Bambo ake anaikidwa pa famu ina pafupi ndi Mvurwi, tauni yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Harare, ndipo mlongo wake akukhala komweko. Cholinga cha ulendo n'kukamanga chiliza, Gule Wamkulu avine, abale aonane. Poyamba mayiyu angaganize za Novembala, mbewu asanadzale. Mwezi umenewu ndi wosayenera konse. Ashona amautcha Mbudzi ndipo amauyesa wopatulika: samangitsa ukwati, sachitanso miyambo ya mizimu ya akufa. Mabanja a m'makomboni anakwatirana ndi Ashona kwa zaka zambiri, motero azilamu ndi anansi sangabwere ku mwambo wa pamanda mwezi umenewo. Kuwonjezera apo, mu Okutobala ndi Novembala ku Tete kumatentha kufika madigiri 40, chinthu chowawa kwa munthu wachikulire amene ali m'basi yodzaza.

Juni ndi Julayi ndi miyezi ya misewu youma ndi mabasi a malo. Ntchito ya fodya imachepa, kutsala nazale zofesedwa kuyambira pa 1 Juni, ndi tirigu wa mthirira pa mafamu ena. Chovuta chake n'chisanu. Harare ali pa mtunda wokwera mamita pafupifupi 1,500, ndipo madera onga Marondera amagwa chisanu choumitsa masamba m'mamawa. Wa ku Dedza sangadabwe nazo, koma wa ku Chikwawa kapena Salima ayenera kutenga bulangete lakelake, poti m'komboni zofunda sizikwanira alendo.

Mwezi wa miyambo ndi Ogasiti. Fodya amakhala atagulitsidwa, ana atsekera, ndipo Lolemba lachiwiri la mweziwo ndi tsiku la ngwazi za dziko, lotsatidwa ndi tsiku la asilikali Lachiwiri lake. Pa masiku anayi amenewa, kuyambira Loweruka, anthu a m'tauni amabwerera kwawo kukavundukula ziliza. Zilombo, zomwe Ashona amazitcha zvigure, zimatuluka m'makomboni, ng'oma n'kumamveka famu ndi famu. Apa khamu la anthu ndi lomwe mayi uja akulifuna, chifukwa zidzukulu zogwira ntchito ku Harare ndi ku migodi zimapezeka pa masiku okhawa. Choyenera kupewa ndi khamu la pamsewu. Lachisanu la sabata imeneyo pa Mbare Musika sipapondeka, ndipo mitengo ya mabasi imakwera. Nzeru yake n'kunyamuka ku Dedza sabata imodzi tchuthi chisanafike, kudzera pa chipata cha Calomue, n'kukafika ku famu Lachiwiri kapena Lachitatu. Masiku otsalawo akwanira kugula simenti, kuumba chiliza kuti chiume, kufulula mowa, ndi kupempha chilolezo kwa mwini munda watsopano, pakuti manda ambiri akale ali m'kati mwa minda yomwe inagawidwa. Pobwerera ndi bwino kudikira mpaka Lachinayi, anthu a m'tauni atatha.

Gulu la alimi kapena alangizi lopita kukaphunzira, osati kukalira, lingachedwerepo pang'ono. Chionetsero cha zaulimi cha ku Harare chimachitika kawirikawiri chakumapeto kwa Ogasiti, ndipo wotsalira mpaka sabata yoyamba ya Sepitembala amaona kuwokera kwa fodya wa mthirira. Misewu idakali youma, angathenso kufika ku Tengenenge pafupi ndi Guruve, mudzi wa osema miyala womwe mlimi wa fodya Tom Blomefield anauyambitsa mu 1966, ndipo ena mwa osema ake oyamba anali Achewa ndi Ayao ogwira ntchito m'mafamu. Kupyola pakati pa Sepitembala, dzuwa limayamba kuswa mtengo, eni khomo abwerera ku mizere ya fodya, ndipo ku Dedza nako minda ikudikira kusosa.