Ola limodzi, makosi awiri

Pa yunivesiti, tesiti ya ophunzira 300 siisuntha cifukwa ca munthu mmodzi. Pulezentesheni ya anthu anai ingasunthe, koma pokhapo ngati wopemphayo wayamba wathamanga yekha asanagogode pa ofesi ya lekicala. Izi ndinaziona m'caka canga cacitatu, pamene ndinali kuphunzira zauphunzitsi mu Lusaka.

Gulu lathu la kosi ya litileca linapatsidwa Lacitatu, nthawi ya 14 koloko, kuti tikambe kwa mphindi 20. Tsikulo tinalidziwa kucokera kuciyambi kwa temu. Kutatsala masiku 12, kilasi repu wa kosi ya saikoloje analengeza kuti tesiti yathu yaikidwa pa Lacitatu lomwelo, ola lomwelo, cifukwa ndi pamene holo yaikulu inali yopanda anthu. Pagulu lathu ndinali ndekha wotenga makosi onse awiri.

Pulezentesheni inali ndi malikisi 10, tesiti 15. Onsewo anali mbali ya malikisi 40 a m'kati mwa caka, amene munthu amalowa nao m'mayeso omaliza. Kutaya 10 pa 40 si masewera. Amai anali kugulitsa salaula pa Soweto, ndipo ndalama yobwerezera kosi kunyumba kunalibe.

Funso loyamba linali lakuti: ndipemphe ndani? Kusuntha tesiti kumafuna holo ina, oyang'anira ena, mwina ndi mafunso ena. Pulezentesheni imangofuna gulu lina lovomera kusinthana. Conco ndinasiya lekicala wa saikoloje, n'kuyang'ana kwa wa litileca.

Ndinayamba ndi anzanga atatu a m'gulu, cifukwa tsikulo silinali langa ndekha. Kenako ndinapita pa citseko ca ba Dokota pamene panamatidwa ndandanda ya magulu. Gulu la Lacisanu la sabata lotsatira silikanalola, popeza kusinthana nafe kukanawadyera masiku okonzekera. Ndinafuna gulu lokamba ife tisanakambe. Linalipo la pa Mande, ndipo nditawauza kuti apeza masiku awiri oonjezera, anavomera msanga. Anzanga anang'ung'udza kuti tataya masiku awiri, ndiye ndinatenga nchito yolemba pepala lonse logawira kilasi.

Ku ofesi ndinapita pa ola limene ba Dokota anaika loonerana ndi ophunzira, osati kuwaimitsa m'njira. M'manja ndinali ndi cidziwitso ca tesiti, pepala loonetsa kuti ndinalembetsa makosi onse awiri, ndi kapepala kosainidwa ndi atsogoleri a magulu onse awiri.

"Ba Dokota, pepani kukusokonezani. Tesiti ya saikoloje yagwera pa ola la pulezentesheni yathu. Gulu la pa Mande lavomera kusinthana nafe, ngati inu mungalole."

Anawerenga mapepalawo, n'kufunsa cinthu cimodzi cabe: mutu wathu ndi uti? Apa ndi pamene kusinthana kumakanika nthawi zambiri. Mitu ya mapulezentesheni imatsatira zimene lekicala akuphunzitsa sabata limenelo, ndipo sangalole kuti mukambe za buku limene kilasi isanafikepo. Ife ndi gulu la pa Mande tinali pa buku limodzi, iwo pa anthu a m'nkhani, ife pa kalembedwe. Ba Dokota anafuna kuti za anthu ziyambe, koma anati zingatheke ngati titsegula ndi mphindi zitatu zofotokoza nkhaniyo mwacidule. Zinatanthauza kudula zina zimene tinakonza. Tinadula.

Asanabweze mapepala ndinapempha kuti asinthe ndandanda yao ine ndikuona. Cifukwa cake n'cakuti wopereka malikisi m'kilasi anali tyuta, osati iwo. Tyuta akakhala ndi pepala lakale, Lacitatu amaitana dzina lako, iwe uli mu holo, n'kulemba kuti sunabwere. Ziro ameneyo umamuona patapita masabata, malikisi atamatidwa kale, ndipo "anandilola" wa pakamwa alibe mboni. Ba Dokota anasintha ndi bolopeni, anasaina m'mbali, ine ndinapereka fotokope kwa tyuta madzulo omwewo. Tinakamba pa Mande, tesiti ndinalemba Lacitatu.

Lero ana a m'kilasi mwanga amabwera ndi vuto lofanana, pamene pulakitiko ya sayansi yagundana ndi tsiku lao lokamba. Wina amafika m'mawa wa tsikulo n'kungoti, "Ba tica, sindikwanitsa." Ameneyo wandisiyira nchito yofuna tsiku, yonyengerera gulu lina ndi yosintha buku langa. Ndimamufunsa kuti anadziwa liti, wakamba ndi gulu liti, ndipo mutu wao ungalowe pa tsiku limenelo. Amene wabwera ndi mayankho atatuwo, ndimangotsegula buku n'kusintha deti.