Mizati isanu ya m'kope la masamu

Mlatho wa njanji wa pa Kafue unamangidwa mu 1906, ndipo uli ndi zigawo 13 zachitsulo, chilichonse chotalika mamita 33. Sitima ikamadutsa, chigawo chilichonse chimatsika pang'ono n'kubwereranso. Amene anaukonza anayenera kudziwiratu katsikidwe kameneka, ndipo ankawerengera pamanja, ndi pepala ndi pensulo. Ifenso tili anyamata, pamene mafakitale a feteleza ndi nsalu ankadzaza tauni ino ya Kafue ndi antchito, tinkawerengera madenga achitsulo pamanja. Kusiyana kwake kunali kakyuleta basi.

Njira yake inkandidabwitsa poyamba. Ukafuna kudziwa kuti mfundo inayake ya thirasi itsika bwanji, umachotsa m'maganizo katundu yense weniweni, n'kupachika pa mfundoyo katundu wongoyerekeza wa 1, woloza pansi. Mphamvu imene katunduyu amabweretsa m'chitsulo chilichonse imakuuza kuti chitsulocho chikatalika kapena kufupika, mfundoyo isuntha motani. Kenako umaphatikiza:

δ = Σ nNL / AE

N ndi mphamvu yeniyeni m'chitsulo, n ndi ya katundu wongoyerekeza, L ndi utali, A ndi kukula kwa nkhope ya chitsulo ukachidula, ndipo E ndi kuuma kwake. Tinkajambula mizati isanu m'kope: dzina la chitsulo, L, N, n, ndi zochulukitsa zake.

Tiyerekeze ndi thirasi ya denga la shedi, yopingasa mamita 8, msonga yake ili mamita 3 pamwamba. Zitsulo ziwiri zopendekera ndi za mamita 5, zapansi ziwiri za mamita 4, ndipo pakati pali choimirira cha mamita 3. Pamsonga pali katundu wa makilonyutoni 30, ndipo tikufuna katsikidwe ka mfundo yapansi yapakati. Zopendekera zimapanikizidwa ndi 25 chilichonse, zapansi zimakokedwa ndi 20, choimirira sichinyamula kanthu. Tikapachika 1 pa mfundo ija, zopendekera zimapanikizidwa ndi 5/6, zapansi zimakokedwa ndi 2/3, choimirira ndi 1. Zopendekera ziwiri zimapereka 208, zapansi 107, choimirira 0, zonse pamodzi 315. Ngati A ndi masikweyamilimita 1,000 pa chitsulo chilichonse, AE imakhala makilonyutoni 200,000, ndiye kuti mfundoyo itsika mamilimita 1.6.

Masiku ano wachinyamata amajambula thirasi yomweyi pa kompyuta, ndipo 1.6 amatuluka tiyi asanazizire. Sindidandaula nazo. Thirasi ya zitsulo zambiri inkatidyera tsiku, ndipo abwana akangosintha katundu, mzati wa N unkayambidwanso. Koma pulogalamu imakonda kungopereka yankho, pamene kope linkaonetsa komwe yankholo lachokera. Pa 315 uja, magawo awiri mwa atatu achokera ku zopendekera. Ukafuna kuti denga lisatsike kwambiri, ndalama uziike pamenepo. Kunenepetsa choimirira chija n'kungotaya chitsulo, malinga ngati katundu ali pamsonga. Ndaonapo achinyamata akukulitsa zitsulo zonse pamodzi mpaka nambala ya pa kompyuta itawakomera, mwini shedi n'kulipira makilogalamu amene sakugwira ntchito.

Kope linalinso ndi misampha yake. Kukoka timakulemba ndi +, kupanikiza ndi −, ndipo chitsulo chopanikizidwa m'mizati yonse iwiri chimapereka +. Woiwala zimenezi akanachotsa 208 pa 107, n'kupeza kuti denga likukwera pamene alisenzetsa katundu. Yankho lotero limadziulula lokha. Wosakaniza mamita ndi mamilimita amapeza denga lotsika mamita 1.6, kapena losatsika n'komwe.

Chimene ndimafuna kuti achinyamata asataye ndi mzati wa n, chifukwa umagwira ntchito ngakhale palibe katundu. Wowotcherera akadula chitsulo chimodzi chapansi motalikirapo ndi mamilimita 3, mfundo ija imatsika ndi 2/3 kuchulukitsa 3, omwe ndi mamilimita 2, kuposa zimene makilonyutoni 30 anachita. Mabowo a mabawuti, amene amaboola mokulirapo ndi mamilimita pafupifupi 2, amachitanso chimodzimodzi zitsulo zikaterereka. Kompyuta siidziwa zimenezi pokhapokha uiuze, chifukwa imayesa kuti chitsulo chilichonse chinadulidwa monga chinajambulidwira. N'chifukwa chake denga latsopano likaoneka lofwasa pakati, ndimayamba ndapempha tepi n'kuyeza zitsulo zapansi ndisanafunse za masamu. Ndipo wofuna kuti thirasi ikhale yokwererako pang'ono pakati isananyamule malata, amafupikitsa dala zitsulo zapansi, ndipo n ndi amene amamuuza mamilimita oti adule.